Maekisire atatu, tsopano akuti CT: kodi cheza sichachuluka?

Funso: Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala ku Kawale. Chaka chino chokha andijambula ekisire ya m'chifuwa katatu chifukwa cha kutsokomola kosatha. Makhololo ayeza kawiri, TB sanaipeze, ndipo tsopano adokotala akuti ndikajambulitse CT. Mlamu wanga akuti makina amenewa amaotcha m'kati mwa thupi, ndiponso CT imodzi ili ngati maekisire mazanamazana. Kodi n'zoona? Ndipite, kapena ndajambulitsa mokwanira?

Yankho: Mayi, pitani mukajambulitse. Alamu anuwo mbali ina akunena zoona, mbali ina ayi, choncho tiyeni tisiyanitse mankhusu ndi mphale. Zakuti makina amaotcha m'kati si zoona pa kujambula kwa mtundu uwu. Zakuti CT imaposa ekisire kutalitali pa kuchuluka kwa cheza, mphamvu yosaoneka imene makinawa amajambulira nayo m'kati mwa thupi, n'zoona. Koma kuti mudziwe ngati "kutalitali" kumeneko n'koopsa, mufunika muyezo woyerekezera nawo, ndipo muyezo wabwino ndi cheza chimene mwakhala mukulandira chibadwire popanda kuponda pa chipatala.

Ine ntchito yanga ndi kujambula odwala kuno ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri ndikawauza kuti cheza amakhala nacho m'nyumba mwawo momwe, amandiyang'ana ngati ndikuwanyengerera kuti akwere pa makina. Komatu ndi mmene zilili. M'nthaka ndi m'miyala muli tizidutswa tochepetsetsa ta yureniyamu, yemweyo amene anakumba ku Kayelekera m'boma la Karonga, kungoti kumeneko anaunjikana pomwe kwina konse ndi womwazika. Yureniyamu akamaphwanyika pang'onopang'ono amatulutsa mpweya wotchedwa radoni, wopanda fungo, wosaoneka, umene umakwera kuchoka pansi n'kumasonkhana m'zipinda zotseka mawindo. Mpweya umenewu ndi umene umapereka pafupifupi theka la cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira. China chimachokera ku dothi ndi njerwa za khoma, china chimatsika kuchokera mlengalenga, ndipo ife a ku Lilongwe, pokhala pa mtunda wopitirira mamita 1,000, timachilandira chochulukirapo pang'ono poyerekeza ndi anzathu a ku Nsanje. Chotsalacho timadya. Mu nthochi, nyemba ndi mbatata muli potaziyamu, amene thupi silingakhale popanda iye, ndipo kagawo kakang'ono ka potaziyamuyo kamatulutsa cheza. Inuyo, ine ndi alamu anu, tonse tili nako m'minofu.

Cheza chimene thupi lalandira timachiyeza mu milisiveti, imene pa pepala imalembedwa mSv. Mukaphatikiza zonse ndatchulazi, munthu wamba padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv pa chaka. Nambala imeneyi ndi ya pakatikati chabe: kwina imatsika kufika pa 1, kwina imakwera kupitirira 10, monga m'madera ena a ku Kerala ku India ndi ku Ramsar ku Iran, kumene anthu akhala mibadwomibadwo pa dothi la cheza chambiri. Ife tigwiritse ntchito 2.4.

Tsopano yerekezani kuti cheza cha chaka chonse chimenechi ndi thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50. Ekisire ya m'chifuwa ikajambulidwa mbali ziwiri, chakumsana ndi cham'mbali, imapereka pafupifupi 0.1 mSv. Pa thumba lathu lija amenewo ndi makilogalamu awiri, kapena tinene cheza cha masabata awiri a moyo wa tsiku ndi tsiku. Ngati anakujambulani kamodzi kokha, mutaimirira chifuwa chili pa bolodi, manja m'chiuno, monga timachitira kawirikawiri pofufuza TB, ndiye kuti ndi chochepanso, cha m'ma 0.02 mSv, cheza cha masiku atatu. Ufa wa nsima ya anthu awiri kapena atatu, osaposa.

Choncho maekisire anu atatu aja, ngakhale titawerengera mokweza kuti onse anali a mbali ziwiri, ndi 0.3 mSv. Ndi cheza cha mwezi ndi theka. Munthu amene wangosamuka kuchoka m'nyumba yolowa mphepo kupita m'nyumba yotsekeka akhoza kuonjezera chochuluka kuposa pamenepa pa chaka osadziwa n'komwe. Amenewo achotseni m'maganizo, sali pa mlandu.

CT ndi nkhani ina. Ekisire imaomba kamodzi, kwa kamphindi kosakwana sekondi, n'kutipatsa chithunzi chimodzi cha chithunzithunzi, mmene nthiti, mtima ndi mapapo zimasanjikizana ngati zovala zoyanikidwa pa chingwe chimodzi. CT imagwiritsa ntchito cheza chomwecho, koma chubu chake chimazungulira thupi kambirimbiri bedi likuyenda, ndipo kompyuta imatipatsa zithunzi mazana, ngati kuti chifuwacho tachidula mapisimapisi monga buledi. Kuti mapisi onsewo aoneke bwino pamafunika cheza chambiri. CT ya m'chifuwa ya nthawi zonse imapereka pafupifupi 7 mSv. Amenewo ndi matumba atatu kuchotserapo pang'ono, cheza cha zaka pafupifupi zitatu. Ya m'mutu imakhala cha m'ma 2 mSv, ya m'mimba ndi m'chiuno cha m'ma 8 mpaka 10.

Apa mpamene alamu anu akulondola, ndipo apanso mpamene anthu amasokonekera akamva manambala osiyana. Wina akuuzani kuti CT ya m'chifuwa ili ngati maekisire 70, wina akuti 350. Onsewa sakunama. Woyambayo wagawa 7 ndi 0.1, wachiwiriyo wagawa 7 ndi 0.02. Nambala 350 imaopsa kuimva, koma ikukula chifukwa choti chinthu chimene tikuyerekezera nacho n'chaching'ono kwambiri, monga momwe mtengo wa njinga ungaoneke woopsa mutauwerengera m'mabokosi a machesi. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuwerengera m'zaka za cheza chachilengedwe. Pa zaka 44 zimene mwakhala, mwalandira kale choposa 100 mSv kuchokera ku dothi, mpweya ndi chakudya. CT iyi ikuonjezera 7 pamenepo.

Ndisakunamizeni kuti fanizo la thumbali ndi langwiro. Cheza chachilengedwe chimabwera pang'onopang'ono chaka chonse, pomwe cha CT chimabwera m'masekondi ochepa, ndiponso chimalunjika pa chifuwa: mapapo, mawere, kummero. Milisiveti anaikonza dala kuti iwerengere kuti ndi ziwalo ziti zalandira cheza ndipo n'zosachedwa kuonongeka motani, kuti tithe kuyerekeza zinthu zosiyana pa sikelo imodzi. Ndi muyezo woyerekeza, osati wa sikelo ya golide. Koma pofuna kudziwa ngati chinthu ndi cha kilogalamu kapena cha thumba, umakwanira.

Nanga choopsa chake chenicheni n'chiyani? Si kupsa. Kuti khungu lifiire kapena tsitsi lithothoke pamafunika cheza choposa cha CT yanu maulendo mazana, pa malo amodzi. Anthu ambiri amene amakamba za kuotcha amakhala kuti anaona m'bale wawo amene analandira chithandizo cha khansa chootcha chotupa ndi cheza. Kumeneko cholinga chimakhala kupha chotupacho, ndipo mlingo wake ndi wochuluka maulendo masauzande. Makina ndi ena, ntchito ndi ina. Chimene timachiganizira pa kujambula n'chakuti cheza chikadutsa m'maselo chikhoza kuononga malangizo amene selo limatsatira pogawikana. Thupi limakonza zoonongeka zotere tsiku lililonse, ndipo pafupifupi zonse zimakonzeka. Mwa apo ndi apo chimodzi chikhoza kukonzeka molakwika n'kudzasanduka khansa patapita zaka zambiri, kawirikawiri khumi kapena kuposa.

Zambiri zimene tikudziwa pa nkhaniyi zinachokera kwa anthu amene anapulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, amene madokotala akhala akuwatsatira moyo wawo wonse. Kwa amene analandira choposa 100 mSv nthawi imodzi, kuchuluka kwa khansa kunaoneka bwino. Kutsika pamenepo kusiyana kumachepa mpaka kumavuta kukuona pakati pa khansa zimene anthu amadwala kale pa zifukwa zina. Choncho akatswiri anasankha kuchenjera: amawerengera ngati kuti cheza chilichonse, ngakhale chochepa, chili ndi kachiopsezo kolingana ndi kuchuluka kwake. Powerengera motero, 7 mSv kwa munthu wamkulu ndi mwayi wa pafupifupi 1 pa 3,000 woti adzamwalire ndi khansa yobwera chifukwa cha CT imeneyo. Wa ekisire ya mbali ziwiri ndi 1 pa 200,000. Ikani manambalawa pambali pa iyi: padziko lonse munthu mmodzi mwa asanu alionse amadzadwala khansa pa moyo wake, kaya anajambulidwapo kaya ayi.

Tsono 1 pa 3,000 si ziro, ndipo sindingakulangizeni kukajambulitsa CT chifukwa chongofuna kuona m'kati, kapena chifukwa choti ku ntchito akulipirirani. Koma inuyo si munthu wabwinobwino wongofuna kuona. Mwatsokomola miyezi, makhololo sanaonetse kanthu kawiri, ndipo maekisire atatu sanathetse funso. Mwayi woti m'chifuwamo muli chinthu chofunika kuchidziwa ndi waukulu kwambiri kuposa 1 pa 3,000. Pali zinthu zimene ekisire imazibisa ndithu: chotupa chaching'ono chobisala kuseri kwa mtima kapena kwa nthiti, timwanabere totupa pakati pa mapapo, njira za mpweya zimene zinafutukuka n'kumasunga makhololo, zipsera za matenda akale kapena za utsi wa nkhuni. Zonsezi chithandizo chake n'chosiyana. Ekisire yachinayi ndi yachisanu zingakupatseni chithunzithunzi chomwe chija, inu n'kumangosinthasintha mankhwala.

Funso limene muli ndi ufulu kuwafunsa adokotala ndi ili: "Kodi mukufuna muone chiyani, ndipo mukachiona kapena mukapanda kuchiona musintha chiyani pa chithandizo changa?" Dokotala amene waganiza bwino amayankha mosavuta. Ngati yankho lake ndi lomveka, CT imeneyo ndi yoyenera matumba ake atatu.

Kumene cheza chimaonongeka pachabe, malinga ndi zimene ndimaona ine, ndi pa kubwereza. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire atavala jekete ngakhale kunali kotentha, ali ndi pepala lopempha CT ya m'chifuwa. Ndikuwafunsa mafunso a nthawi zonse, anangoti, "Makina awa ndikuwadziwa, ndinagonapo mwezi wathawu kwina." Nditafunsa za zotsatira, anati anawapatsa kadisiki koma ana anakaseweretsa, ndipo kwa dokotala watsopanoyu sananene kanthu poopa kuoneka ngati akumuphunzitsa ntchito. Tinaimba foni, lipoti lija linapezeka, ndipo dokotala ataliwerenga anati palibenso chifukwa chojambula. Bamboyo anatsala pang'ono kulandira cheza cha zaka zitatu, ndi kulipira kachiwiri, chifukwa cha ulemu. Ulemu wathu Amalawi pamaso pa dokotala nthawi zina umatipweteka. Inu mukamapita, tengani maekisire atatu aja ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Wowerenga CT amafuna kuyerekeza ndi zakale, ndipo mukatuluka, kadisiki ndi lipoti muzisunge mmene mumasungira chitupa cha unzika.

Kubwereza kwina kumachitika m'chipinda momwemo. Chithunzi cha m'chifuwa chimaonongeka ndi zinthu ziwiri, chitsulo ndi kupuma. Mkanda wa m'khosi, kolona ya unyolo, tizitsulo ta kamisolo, pini, ndalama zachitsulo kapena foni zimene amayi timadziwa kumene amasungira, zonsezi zimalemba mizere yoyera pa chithunzi n'kuphimba mapapo. Vulani zonse, ndipo ngati pali china chimene mumavala m'kati chimene simufuna kuti anthu achione, muuzeni wojambulayo mwakachetechete, taona zambiri ndipo sitidabwa. Za kupuma, makina kapena wojambula adzakuuzani kuti mukoke mpweya n'kuugwira kwa masekondi khumi kapena kucheperapo. Poti inu mukutsokomola, yesererani kunyumba mutagona chagada, manja mutakweza kumutu. Mukamva kuti chifuwa chikubwera musanayambe, nenani, tidikira. Kudikira mphindi ziwiri kulibe mtengo, pomwe kutsokomola pakati pa kujambula kukhoza kuchititsa kuti gawo lina tilibwereze.

Ngati mukufuna kudziwa mlingo umene inuyo mwalandira, osati wa pakatikatiwu, n'zotheka. Makina a CT akamaliza amalemba tsamba la mlingo, limene kawirikawiri limakhala chithunzi chomaliza pa kadisiki. Pamenepo mudzaona mawu akuti `DLP`, ndi nambala yotsatiridwa ndi `mGy·cm`. Pa chifuwa cha munthu wamkulu, nambala imeneyo mukaichulukitsa ndi 0.014 mumapeza mamilisiveti moyerekeza. Tinene kuti yanu yalembedwa 450:

```
450 × 0.014 = 6.3 mSv
6.3 ÷ 2.4 = 2.6
```

Ndiye kuti mwalandira cheza cha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri. Munthu wonenepa nambala yake imakwera chifukwa cheza chimafunika chambiri kuti chidutse, wochepa thupi imatsika, ndipo makina atsopano amatha kujambula bwino ndi mlingo wocheperapo. Mukaona kuti yafika cha m'ma 900 kapena 1,000, kawirikawiri ndiye kuti anajambula maulendo awiri, koyamba musanabayidwe mankhwala oonetsa mitsempha, kachiwiri mutabayidwa. Pali matenda amene amafunadi zimenezo, koma pa chifuwa nthawi zambiri ulendo umodzi umakwana, ndipo si mwano kufunsa musanagone pa bedi kuti ajambula kangati. Dziwaninso kuti 0.014 ndi ya chifuwa chokha. Ya mutu ndi ina, ya ana ndi inanso.

Mankhwala oonetsa mitsemphawo ndiwatchulepo pang'ono, chifukwa ndikuganiza kuti nawonso amathandizira mphekesera ya kuotcha. Akalowa m'mtsempha munthu amamva kutentha thupi lonse, m'kamwa mumamveka ngati mwaluma chitsulo, ndipo ambiri amaganiza kuti adzikodzera pomwe sanatero. Zimatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Chimenecho si cheza, mankhwalawo alibe cheza, ndi ayodini amene amatuluka ndi mkodzo. Chofunika ndi kunena ngati muli ndi vuto la impso, matenda a shuga, mphumu, kapena ngati munatupapo kapena kuchita zidzolo mutalandira mankhwala oterewa. Cheza chenichenicho simuchimva konse, ndipo sichitsala m'thupi. Makina akazima chatha, monga kuwala kumathera mukazimitsa tochi. Mukhoza kunyamula mdzukulu, kuphika, kugona chipinda chimodzi ndi anthu tsiku lomwelo. Palibe chifukwa chomwera mkaka kapena china chilichonse kuti "muchotse cheza".

Mwina mudzafunsa mumtima monga amafunsira ambiri: ngati n'zosaopsa, bwanji wojambulayo akuthawira kuseri kwa galasi? Chifukwa inu mwabwera kamodzi ndipo mupindulapo, pomwe ine ndimakhala m'chipindamo tsiku lililonse ndi odwala makumimakumi, ndipo chithunzi chanu sichichiritsa ine. Timavala kabaji koyeza cheza kamene kamawerengedwa nthawi ndi nthawi, ndipo malire a wogwira ntchito ndi 20 mSv pa chaka powerengera pakatikati pa zaka zisanu. Kuno kwathu zimenezi zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la AERA, potsatira lamulo la 2011. Malire amenewa sakhudza odwala. Palibe nambala ya maekisire imene munthu akaikwanitsa ndiye kuti basi, wamaliza gawo lake. Kujambula kulikonse kumaweruzidwa pakokha, ngati phindu lake likuposa kachiopsezo kake, ndipo maekisire a m'mbuyo sachititsa kuti CT ya lero ikhale yoopsa kwambiri.

Zonse ndanenazi ndi za munthu wa msinkhu wanu. Mukanandifunsa za mwana wa zaka zisanu ndikanalankhula mosamalirapo, chifukwa maselo a mwana akugawikana mofulumira ndipo ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti vuto lidzaonekere. Chiopsezo chake pa mlingo womwewo chimaposa cha wamkulu kawiri kapena katatu, ndipo timayamba taganiza ngati sikani ya mafunde a mawu, ija ya amayi oyembekezera, imene ilibe cheza, singayankhe funsolo. Kwa agogo a zaka 70 chiopsezo chimatsika kwambiri. Inu muli pakati. Ndipo poti pa zaka 44 mimba ikhoza kukhalapo, adzakufunsani tsiku limene munasamba komaliza, mwina pamaso pa amene wakuperekezani. Ngati mwadumphitsa mwezi kapena mukukayika, pemphani kulankhula ndi wojambulayo panokha. Cheza chofika kwa mwana wa m'mimba pojambula chifuwa n'chochepa, chifukwa chiberekero chili kunja kwa malo ojambulidwa, koma tikadziwa timayeza kaye mkodzo, timakambirana ndi adokotala anu ngati nkhaniyo ingadikire, ndipo ngati singadikire timaonetsetsa kuti kujambula kwathera m'munsi mwa mapapo osatsikira m'mimba.